Kachidutswa ka -nso kamene ndinakasiya m'tikiti

Ndimagwira ntchito yolandira madandaulo a makasitomala ku ofesi ya kampani ina yogulitsa magetsi a dzuwa olipira pang'onopang'ono kuno ku Mzuzu. Munthu akalipira pa foni, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, amalandira tokeni pa meseji, ndipo akailowetsa pa kabokosi ka sola magetsi amayaka kwa masiku amene walipira. Mauthenga ambiri amabwera m'Chichewa, ena m'Chitumbuka, enanso osakaniza zonse ziwiri, koma anzathu a zachuma ndi amisiri amene amathetsa mavutowo amagwira ntchito m'Chingelezi, ndipo ena mwa iwo sadziwa Chichewa n'komwe. Choncho uthenga uliwonse umadutsa m'manja mwathu, ife n'kuutsegulira tikiti, yomwe ndi cholembedwa cha dandaulolo mu kompyuta ya ofesi, ndi kuumasulira. Nkhani imene ndikulembayi ndi ya tikiti imodzi imene ndinaitseka ndikuganiza kuti ndaigwira bwino, ndipo mpaka lero ndimaikumbukira nthawi iliyonse ndikayamba kumasulira.

## Uthenga wa Lachinayi m'mawa

Uthengawo unafika Lachinayi m'mawa pa WhatsApp kuchokera kwa mayi wina wa ku Ekwendeni. Ndiulemba monga momwe unalembedwera, chifukwa kalembedwe kakeko ndi mbali ya nkhaniyi.

```
Mwadzuka bwanji. Ndinalipira dzana K18,500 koma tokeni sinabwere.
Dzulo ndalipiraso kwa ejenti akuti zalowa koma mpaka pano
magetsi sakuyaka. Chonde ndithandizeni ana akulemba mayeso.
```

Ndinauwerenga kamodzi, ndinaona ngati ndaumva, ndipo popeza vuto la tokeni yosafika ndinali nditakumana nalo kambirimbiri, mutu wanga unali utathamangira kale ku yankho lake ndisanamalize kuwerenga. M'tikiti ndinalemba motere.

```
Customer paid K18,500 via agent, payment confirmed, token not received.
Lights not working. Please resend token.
```

A zachuma anayang'ana pa akaunti ya mayiyo, anapezadi malipiro a K18,500, anatumizanso tokeni, ndipo masana omwewo magetsi anayaka. Mayiyo anathokoza, ine ndinaika tikitiyo pa `Solved`, ndipo pa lipoti la sabata imeneyo inawerengedwa m'gulu la matikiti othetsedwa tsiku lomwelo. Palibe aliyense mu ofesi amene akanaona cholakwika, chifukwa uthenga wa Chichewa unatsala pa foni ya ofesi, ndipo m'tikiti munali Chingelezi changa chokha.

## Atabwera okha ku ofesi

Patadutsa mwezi ndi masiku angapo, mayi wachikulire analowa mu ofesi atavala juzi ndi chitenje, chifukwa m'mawa umenewo kunali chifunga ndi kamvula kowaza. Anakwera minibasi kuchokera ku Ekwendeni, ndipo foni yawo anaikulunga m'kapepala ka pulasitiki. Magetsi awo anali atazimanso, ndipo ankalandira mameseji owauza kuti ali ndi ngongole ya mwezi umodzi.

Anati, "Mwana wanga, ine ndinalipira kawiri mwezi watha. Ndinkadziwa kuti ndalama yachiwiriyo ilowa mwezi uno. Nanga ngongoleyi yachokera kuti?"

Ndinatsegula akaunti yawo ndipo ndinaona malipiro amodzi okha. Ndinawauza mwaulemu kuti, "Mayi, kuno kukuoneka kuti munalipira kamodzi, ndipo ngakhale m'tikiti yanu ya mwezi watha mwalembedwa malipiro amodzi." Iwo sanakweze mawu. Anamasula foni ija, anafufuza pang'onopang'ono ndi chala chimodzi mpaka anapeza uthenga umene anatumiza, ndipo anandipatsa foniyo n'kunena kuti, "Tawerengani mokweza zimene ndinakulemberani."

Ndinawerenga mokweza, ndipo nditafika pa mawu akuti "dzulo ndalipiraso" ndinaima. Pakamwa pokha panandiuza zimene maso anadumpha tsiku lija. Iwo ananena momveka bwino kuti analipira dzana, lomwe linali Lachiwiri, kenako Lachitatu analipiranso kachiwiri kwa ejenti. Malipiro amene a zachuma anawapeza anali a Lachiwiri, amene mayiyo anatumiza pa foni yawo. A Lachitatu sanafike pa akaunti yawo, chifukwa polemba nambala ya akaunti ejenti uja anasinthanitsa manambala awiri, ndipo ndalamazo zinakakhala m'kaundula wa malipiro osadziwika mwini wake. Kaundula ameneyu sayang'anidwa pokhapokha wina atapempha, ndipo ine sindinapemphe, popeza m'kumasulira kwanga malipiro achiwiriwo kunalibe.

Mayiyo anali atasunga kapepala kamene ejenti anawalembera nambala yotsimikizira malipiro, ndipo ndi nambala imeneyo ndalama zinapezeka tsiku lomwelo. Koma anali atakhala mumdima masiku anayi, anataya ndalama zoyendera, ndipo dzina lawo linali litalowa m'gulu la olephera kulipira, chinthu chimene chinawapweteka kuposa mdimawo, chifukwa anabwereza kawiri konse kuti chiyambire sanaphonyepo mwezi.

## Zimene zinatayika m'mizere iwiri

Usiku umenewo ndinaika uthenga wawo ndi kumasulira kwanga pambali pa chinzake, ndipo ndinapeza kuti sindinataye chinthu chimodzi chokha ayi.

Chachikulu chinali -nso, chimene anthu ambiri pa foni amachilemba -so. Kachidutswa kameneka m'Chingelezi kalibe liwu limodzi lofanana nako. Munthu akanena kuti "ndagula batire, ndalipiranso ngongole", akutanthauza kuti wachita chinthu china kuwonjezera pa choyambacho, ndipo pamenepo Chingelezi chimafuna `also`. Akanena kuti "ndinalipira dzana, dzulo ndalipiranso", mneni yemweyo wabwera kawiri pa masiku awiri osiyana, ndipo liwu loyenera ndi `again`. Kakakhala pa mneni wokana, monga "sakuyakanso", tanthauzo lake ndi `no longer`, kusonyeza kuti poyamba chinthucho chinkagwira ntchito. Ife olankhula Chichewa timasiyanitsa zimenezi osaganizako, ndipo n'chifukwa chake timakadumpha mosavuta powerenga mothamanga, makamaka kakalembedwa ndi zilembo ziwiri zokha kumapeto kwa liwu lalitali. Njira yodziwira ndi kuyang'ana ngati mneni yemweyo watchulidwa kale mu uthengawo, komanso ngati pali nthawi ziwiri kapena malo awiri. Mu uthenga wa mayi aja munali zonse: dzana ndi dzulo, ndiponso "kwa ejenti" amene anatchulidwa pa malipiro achiwiri okha. Ine ndinatenga ndalama za Lachiwiri n'kuziphatikiza ndi ejenti wa Lachitatu, n'kupanga malipiro amodzi amene sanachitikepo.

Chachiwiri chinali "akuti zalowa". Liwu lakuti "akuti" limasonyeza kuti wolankhulayo akungopereka mawu a munthu wina, ndipo kawirikawiri amakhala akudzipatula ku mawuwo chifukwa sanaone yekha. Mayiyo sananene kuti ndalama zalowa, ananena kuti ejenti ndi amene akutero, ndipo "koma" wotsatirayo akusonyeza kuti iwo akukayika. Ine ndinalemba `payment confirmed`, ndipo kwa munthu wa zachuma mawu amenewa amatanthauza kuti wina wa mu ofesi wayang'ana m'kaundula n'kutsimikiza. Mphekesera ya ejenti ndinaisandutsa umboni wa kampani. Ndikanalemba kuti `the agent says it went through`, wowerenga aliyense wodziwa ntchito yake akanafunsa nambala yotsimikizira, ndipo kusinthana kwa manambala kuja kukanaoneka Lachinayi lomwelo.

Masiku nawonso ndinawasiya, poganiza kuti a zachuma aona okha tsiku m'kaundula. Koma masikuwo ndi amene akanaulula cholakwa changa, chifukwa munthu woona kuti kasitomala akutchula Lachiwiri ndi Lachitatu pamene kaundula akuonetsa Lachiwiri lokha akanadziwa kuti pali china chosowa. Ndaphunziranso kuti kungolemba `yesterday` sikokwanira, popeza tikiti ikhoza kuwerengedwa patapita masiku awiri, ndipo "dzulo" la wolemba limakhala litasiyana ndi "dzulo" la wowerenga. Tsopano ndimamasulira liwulo monga liliri, kenako ndimaonjezera dzina la tsiku ndi deti lake kuwerengera kuchokera pa nthawi imene uthengawo unatumizidwa, ndipo mwezi ndimaulemba m'mawu, chifukwa 03/04 ena amawerenga 3 Epulo pamene ena amawerenga 4 Malichi.

Za ana olemba mayeso ndinaziona ngati kudandaula chabe, ndipo ndinazichotsa. Sizikanasintha kafufuzidwe ka ndalamazo, komabe kusankha ngati zili zofunika kapena ayi kunali kwa amene amaika matikiti m'ndondomeko ya changu, osati kwa ine womasulira.

## Mmene ndimalembera tsopano

Gwero la zonsezi linali lakuti sindinamasulire uthenga wa mayi aja, ndinalemba chidule cha zimene ndinkaganiza kuti ndilo vuto, n'kuchipereka ngati mawu awo. Ngakhale `Please resend token` sanali mawu awo. Iwo anangoti "ndithandizeni", ndipo ine ndinasankha chithandizo chake ndisanafufuze. Kuyambira pamenepo tikiti yanga imakhala ndi zigawo zitatu zosasakanikirana. Choyamba ndi mawu a kasitomala okoperedwa monga aliri, osakonza kalembedwe ngakhale pang'ono, kuti mnzanga wodziwa Chichewa athe kundigwira ndikalakwitsa. Chachiwiri ndi kumasulira chiganizo ndi chiganizo, kasitomala akulankhula yekha ngati "ine", chifukwa ndikangoyamba ndi `Customer says` dzanja limayamba kufupikitsa. Chachitatu ndi maganizo anga, olembedwa poyera kuti ndi anga, mu `Internal note` imene kasitomala saiona. Tikiti ya mayi aja ikanaoneka motere m'zigawo ziwiri zomalizazo, kungoti pano madeti ndawasiya.

```
Translation: I paid K18,500 the day before yesterday (Tue) but the
token did not come. Yesterday (Wed) I paid again at an agent. The
agent says it went through, but the lights are still not working.
Please help me, the children are writing exams.
Note: Two payments. Amount of second not stated. Not verified.
```

Onani kuti sindinalembe kuti malipiro achiwiri analinso K18,500, ngakhale kuti anali ochuluka chomwecho, chifukwa uthengawo sunanene zimenezo. Pamene kasitomala sananene, kumasulira kuyenera kukhala chete, ndipo mpata umenewo uyenera kutchulidwa m'ndemanga kuti wina afunse.

Ena mu ofesi ananena kuti njira imeneyi ndi yochedwetsa, ndipo n'zoona kuti imatenga mphindi zingapo kuposa mizere iwiri ija. Ine sindichita zimenezi pa uthenga wofunsa nthawi yotsegulira ofesi. Koma uthenga ukangokhudza ndalama, tsiku, kapena chipangizo chimene chasiya kugwira ntchito, sindidumpha chigawo chilichonse, ndipo ndisanatumize ndimawerenga Chingelezi changacho n'kuchibweza m'Chichewa chamumtima osayang'ana uthenga woyamba. Ndikatero n'kuyerekeza, chimene chatayika chimaoneka msanga. Ndikanabweza mizere iwiri ija ndikanapeza kuti "kasitomala walipira kwa ejenti, ndalama zatsimikizika", ndipo aliyense akanaona kuti amenewo si mawu a mayi aja.

## Magetsi amene "sakugwira ntchito"

Pali malo ena amene Chingelezi chachidule chimameza kusiyana kumene Chichewa chimakusunga m'kati mwa mneni, ndipo amisiri ndi amene amavutika nako kwambiri. Makasitomala amalemba kuti magetsi "sakuyaka", "sakuyakanso", "sanayakepo" kapena "akumazima", ndipo zonsezi n'zosavuta kuziponya m'thumba limodzi la `not working`. Komatu mmisiri akamva kuti sanayakepo chiikireni amayamba kukayikira kalumikizidwe ka mawaya kapena chipangizo chimene chinabwera chowonongeka. Akamva kuti sakuyakanso amadziwa kuti ankayaka, ndipo amayang'ana kaye ngati masiku olipiridwa atha, asanaganize za batire. Akamva kuti akumazima, ndiye kuti amayaka n'kuzima mobwerezabwereza, ndipo kuno ku Mzuzu m'miyezi ya mitambo ndi chifunga funso loyamba limakhala lakuti batire likudzaza kapena ayi. Kumasulira kukafafaniza kusiyana kumeneku, mmisiri amanyamula zida zolakwika, kapena amayenda ulendo wa ku Nkhata Bay pa vuto limene likanatha pa foni.

Pali mawu enanso amene m'malemba ali ndi matanthauzo awiri enieni, chifukwa chimene chimawasiyanitsa polankhula ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu, kumene sitikulemba. "Sinabwere" likhoza kutanthauza kuti tokeniyo siinabwere tsiku limenelo, kapena kuti mpaka pano ikudikiridwabe. Chimodzimodzinso anthu ambiri polemba pa foni amasiya chizindikiro cha mu "m'mawa" n'kulemba "mawa", ndipo mneni ndi amene amakupulumutsa: "ndalipira mawa" sizingakhale za tsiku lotsatira. Koma "mubwere mawa" likhoza kukhala lililonse mwa awiriwo. Zikatero sindisankha tanthauzo limene likundikomera. Ndimaimbira kasitomalayo kapena kumulembera funso limodzi lalifupi, ndipo ngati sakupezeka ndimalemba matanthauzo onse awiri m'ndemanga n'kuika tikitiyo pa `Pending`, kusonyeza kuti ikudikira yankho.

Pa mauthenga osakaniza ndi Chitumbuka, ndimanena m'tikiti kuti gawo lakutilakuti lili m'Chitumbuka, ndipo ndimapempha mnzanga wobadwira kuno kuti aone kumasulira kwanga. Ndimadziwa kuti "mayiro" ndi dzulo, ndipo kumsika ndimamva zambiri, koma kumva kwa kumsika sikokwanira pa ndalama za munthu.

## "Bwerani mudzatenge katundu wanu"

Ndisaoneke ngati ndikunena kuti kumasulira liwu ndi liwu kumathetsa zonse, chifukwa nakonso kukhoza kusocheretsa. Miyezi ingapo pambuyo pake bambo wina wa ku Chibavi, amene anadikira mmisiri kwa sabata ziwiri, analemba kuti, "Ngati zili choncho basi bwerani mudzatenge katundu wanu." Aliyense wa ife akudziwa kuti nthawi zambiri mawu oterewa ndi mkwiyo wa munthu wotopa amene akufuna kuti amumve. Koma m'Chingelezi, pa sikirini ya munthu amene sakudziwa kalankhulidwe kathu, `come and collect your equipment` amawerengeka ngati pempho lothetsa mgwirizano, ndipo tikiti yotere imapita ku gulu lolanda katundu.

Apa mayesero amakhala awiri. Ukhoza kufewetsa n'kulemba kuti kasitomala wakhumudwa ndi kuchedwa, koma ukatero wabisa mawu amene ananenadi, ndipo ngati anali kunena zenizeni wamulanda chisankho chake. Ukhozanso kumasulira mowuma n'kusiya "ngati zili choncho", ndiye kuti wamulankhulitsa chimene sanafune. Ine ndinamasulira chiganizo chonse pamodzi ndi "ngati" wake, ndipo m'ndemanga ndinalemba kuti mawuwa mwa kalankhulidwe kathu nthawi zambiri amasonyeza kutopa, kuti sindikuwatenga ngati pempho lothetsa mgwirizano, ndiponso kuti ndiwaimbira kuti nditsimikize. Nditawaimbira n'kuwafunsa kuti, "Bambo, kodi mukufunadi kuti tidzachotse sola?", anayankha kuti iwo akufuna mmisiri, osati galimoto yodzatenga katundu.

## Yankho likamabwerera m'Chichewa

Ulendo wobwerera uli ndi msampha wakewake, ndipo gwero lake ndi chifundo. Munthu wadikira, wavutika, ndipo iwe ukufuna kumuuza nkhani yabwino. A zachuma akalemba kuti `Refund has been initiated and should reflect within 5 working days`, lilime limafuna kunena kuti "ndalama zanu zabwezedwa, muziona pakatha masiku asanu". M'chiganizo chimenechi muli malonjezo atatu amene a zachuma sanapereke. `Initiated` akutanthauza kuti ntchito yobweza yayambika, osati yatha. `Should` ndi chiyembekezo, osati chitsimikizo. Ndipo `working days` sawerengera Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi cha boma monga 6 Julaye, kotero yankho lolembedwa Lachisanu limafika Lachisanu la sabata yotsatira, ndipo pakagwa tchuthi pakati limafika Lolemba linalo. Kasitomala amene wauzidwa "masiku asanu" amawerenga pa zala n'kuyamba kuyang'ana foni Lachitatu, ndipo Lachinayi amalemba uthenga wina wonena kuti tamunamiza, ndipo pa mawu amene ife tinamuuza amakhala akulondola.

Ndimalemba motere: "Tayamba ntchito yokubwezerani ndalama zanu. Tikuyembekezera kuti zifika pa foni yanu pasanadutse masiku asanu ogwira ntchito, osawerengera Loweruka ndi Lamulungu, ndiye kuti pofika Lachisanu la sabata yamawa. Zikapanda kufika pofika tsiku limenelo, mutidziwitse pa nambala yomweyi." Moni ndi ulemu ndimaonjezera, chifukwa yankho la Chingelezi loyamba ndi nkhani mwachindunji likamasuliridwa choncho kwa munthu wachikulire limamveka ngati mwano, ndipo moni sasintha mfundo iliyonse. Koma chiwerengero cha ndalama, tsiku, ndi mawu osonyeza ngati chinthu chachitika kapena chikuyembekezeka, zimenezo sindizikhudza. Yankho la Chichewa limene ndatumiza ndimalikoperanso m'tikiti pansi pa la Chingelezi, kuti pakadzabuka mkangano zidzadziwike kuti kasitomala anauzidwa chiyani kwenikweni.

Kwa mayi a ku Ekwendeni, a zachuma analemba kuti ndalama zachiwirizo zasamutsidwira pa akaunti yawo ndipo chizindikiro cha ngongole chidzachotsedwa makina akadzawerengeranso maakaunti usiku. Ndinawauza zigawo ziwirizo mosiyanitsa, kuti ndalama zalowa kale ndipo tokeni ifika tsopano lino, koma dzina lawo lichoka m'gulu la angongole mawa, osati lero, ndipo mwina alandiranso meseji imodzi yowakumbutsa ngongole madzulo ano. Anakhala pa benchi mpaka tokeni inafika, anandipempha kuti ndiwalembere manambala ake pa kapepala ka ejenti kaja ndi zilembo zazikulu, ndipo anakulunganso foni yawo m'pulasitiki n'kupita kukakwera minibasi kudepoti. M'mawa mwake ndinatsegula akaunti yawo ndisanayambe tikiti ina iliyonse, ndinaona kuti chizindikirocho chachoka, ndipo ndinawaimbira kuwauza.